Pa kauntala moni woyamba ukhale wa Chichewa, kenaka timvetsere yankho

Aliyense amene analowapo mu ofesi yodzaza anthu pa boma la Dedza kumapeto kwa mwezi, kaya ndi ku banki, kaya ndi ku bungwe lobwereketsa ndalama, kapenanso mu maofesi akuluakulu a mumzinda wa Lilongwe kumene ambiri a ife timapita pa zinthu zimene zakanika kuno, akudziwa kuti wolandira anthu amakhala ndi kanthawi kochepa kwambiri kosankha chiyankhulo choperekera moni. Munthu wafika kutsogolo kwake, mzere watuluka mpaka pakhonde, ndipo pakamwa payenera kutuluka mawu. Maganizo anga ndi akuti mawu oyambawo azikhala a Chichewa kwa wina aliyense, mosayang'ana zovala, nsapato kapena khungu, ndipo akatero wogwira ntchitoyo atchere khutu ku yankho, chifukwa mwini wake wobwera kudzathandizidwa ndiye ayenera kulamula chiyankhulo chimene nkhani yonse iyendere.

Chifukwa changa chachikulu si chokonda chiyankhulo chathu, ngakhale kuti ndimachikonda. Chifukwa chake ndi chakuti moni umatsekera kasitomala m'chiyankhulo chimene waupatsidwira. Munthu akalonjeredwa m'Chingerezi pamaso pa anthu makumi atatu amene akudikira kumbuyo kwake, sakhala ndi ufulu weniweni woyankha m'Chichewa, popeza kutero kuli ngati kulengeza kwa onse kuti sukulu sanapite nayo patali. Ambiri amadziwa Chingerezi chokwanira kuyankhira moni, chifukwa ndi chimene mwana aliyense amaloweza mu Sitandade 1, koma Chingerezi choyankhira moni ndi chosiyana kwambiri ndi Chingerezi chomvera malamulo a ngongole. Wa pa kauntala akamva yankho labwino la moniwo amaganiza kuti njira yatseguka, ndipo amathamanga nacho Chingerezi chake mpaka kumapeto, uku kasitomala akungogwedeza mutu. Mbali inayo zinthu sizili choncho. Mphunzitsi wamkulu, loya kapena mkulu wa bungwe akalonjeredwa kuti "Mwadzuka bwanji, bambo?" ndipo iye n'kuyankha m'Chingerezi, palibe chimene wataya, ndipo wa pa kauntala akhoza kumutsatira nthawi yomweyo popanda wina kuchita manyazi. Kuchoka ku Chichewa kupita ku Chingerezi ndi kosavuta kwa kasitomala, pamene kubwerera kuchoka ku Chingerezi kumafuna kulimba mtima kumene anthu ambiri osauka sakhala nako akaima pamaso pa munthu wovala tayi.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuchitsata mpaka kumapeto. Mayi wina wochita malonda a kachewere, amene amagula kwa alimi a ku Bembeke n'kumakagulitsa m'mbali mwa msewu wa M1, wabwera ku bungwe lobwereketsa ndalama kuti akongole K300,000. Wavala bwino chifukwa akupita ku boma, m'manja muli foni ndi kachikwama, ndipo mtsikana wa pa kauntala pomuona akumulonjera m'Chingerezi. Mayiyo akuyankha molondola, ndipo kuyambira pamenepo zonse zikuyenda m'Chingerezi. Akuuzidwa kuti chiwongola dzanja ndi 5 peresenti pa mwezi, kuwerengera pa ndalama yonse imene watenga, kwa miyezi isanu ndi umodzi. Mawu akuti 5 peresenti wawamva bwino, chifukwa ndi munthu wa malonda ndipo masamu amawadziwa kuposa ambiri a ife, koma timawu tiwiri tonena kuti ndi pa mwezi tamudutsa. M'mutu mwake wawerengera kuti 5 peresenti ya K300,000 ndi K15,000, choncho adzabweza K315,000, ndipo akuona kuti ndi ngongole yabwino. Zoona zake n'zakuti K15,000 imeneyo ndi ya mwezi umodzi, pa miyezi isanu ndi umodzi ikukwana K90,000, ndalama yonse yobweza ndi K390,000, kutanthauza K65,000 mwezi uliwonse. Pakati pa zimene wamva ndi zimene wasainira pali K75,000, ndalama yokwanira kudya phindu lonse limene amayembekezera.

Palibe amene wanama pa nkhaniyi. Mtsikanayo wanena zonse, fomu yalembedwa bwino, siginecha ilipo. Koma pakapita mwezi mayiyo adzabwera atakwiya, adzaima pa kauntala yomweyo kwa theka la ola, bwana adzaitanidwa, ndipo nkhani idzakambidwa m'Chichewa chokhachokha, chifukwa munthu akapsa mtima manyazi a Chingerezi amatha. Chikhala kuti poyamba paja analonjeredwa kuti "Takulandirani, mayi, tikuthandizeni bwanji?" bwenzi atafotokoza za malonda ake momasuka, bwenzi atafunsa funso limene wamalonda aliyense amafunsa, lakuti "Ndiye zonse pamodzi ndidzabweza zingati?" ndipo kusamvana kukanathera pomwepo. Funso limenelo ndi losavuta, koma munthu amene akulimbana ndi chiyankhulo amasunga mphamvu zake kuti asalakwitse, ndipo mafunso amawameza.

Wogwira ntchito watcheru akhoza kuzindikira kuti kasitomala watayika ngakhale asananene. Munthu amene akuvomera chilichonse mofulumira, mawu asanathe n'komwe, nthawi zambiri sakumva. Amene akuyang'ana nkhope ya wolankhula m'malo moyang'ana pepala limene akulozeredwa, amene akutembenukira kwa mnzake wa pa mzere kapena kwa mlonda wa pakhomo, amene walandira fomu n'kunena kuti akalembera kunyumba pamene cholembera chili pomwepo, onsewa akupempha Chichewa mosatulutsa mawu. Ndipotu mu maofesi ambiri mlonda ndiye womasulira weniweni: anthu amachoka pa kauntala atavomera zonse, n'kukaima pakhomo kufunsa kuti, "Achimwene, kodi pamenepa akuti ndibweretse chiyani?" Ofesi imene mlonda wake amatha tsiku lonse akufotokozera anthu zimene auzidwa kale m'kati iyenera kudziwa kuti vuto lili pa kauntala. Njira yokonzera zinthu pakati pa nkhani iliponso, koma imafuna nzeru. Kufunsa kuti "Kodi Chingerezi mumamva?" ndi kunyoza, ndipo yankho lake limakhala lakuti inde nthawi zonse. Chofunika ndi kungolowa m'Chichewa mwakachetechete, ngati kuti ndi wogwira ntchitoyo amene wafuna kutero, n'kunena kuti, "Mayi, ndibwerezenso kuti timvane bwino pa nkhani ya ndalamayi," kenaka n'kumupempha kasitomala kuti atchule yekha ndalama imene adzabweze pa mwezi.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo ina mwa izo ndi yolemera. Yopepuka ndi ya nthawi. Amati moni wa Chichewa ndi wautali, umafuna kufunsana za kunyumba ndi za ana, pamene mzere ukudikira. Izi n'zoona kumudzi, pamene mlendo amakhala pansi kaye asanalonjeredwe, koma palibe amene amayembekezera zimenezo pa kauntala. "Mwaswera bwanji, bambo?" ndi yankho lake sizipitirira masekondi khumi. Tiyerekeze kuti kauntala imodzi yalandira anthu 150 pa tsiku: masekondi khumi kwa aliyense akukwana mphindi 25 tsiku lonse, ndipo moni wa Chingerezi nawonso ukanadya gawo lalikulu la mphindi zomwezo. Anthu awiri okha amene abwerera chifukwa sanamve kuti pakufunika kalata ya amfumu kapena chiphaso cha unzika, aliyense n'kudya mphindi 15 pomufotokozeranso, atha kale nthawi yoposa pamenepo, osawerengera ndalama ya minibasi kapena ya kabaza yochokera ku Mayani kapena ku Lobi imene iwo ataya. Chimene chimafupikitsa mzere ndi kumvana kamodzi, osati kudula moni n'kungokuwa kuti "Wina!" uku maso ali pa kompyuta.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti Chingerezi ndicho chiyankhulo cha ntchito, ndipo ofesi imene imalankhula Chingerezi imaoneka yapamwamba. Sindiwadzudzula achinyamata amene amaganiza chonchi, chifukwa dziko lawaphunzitsa zimenezo kuyambira ali ana. Munthu sangalandire satifiketi ya MSCE atalephera Chingerezi, ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse. Malamulo oyendetsera dziko lino amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, kusintha ndondomeko ya 1996 imene inkalola kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo. Mafunso olowera ntchito amachitika m'Chingerezi, ndipo mtsikana amene wapeza ntchito ya pa kauntala waipeza chifukwa cha Chingerezi chake, choncho n'zosadabwitsa kuti amafuna chimveke, makamaka bwana akamadutsa kumbuyo kwake. Koma zonsezi zikunena za amene ali kuseri kwa kauntala, osati za amene ali kutsogolo kwake. Kalembera wa 1998 anapeza kuti anthu pafupifupi 70 mwa 100 alionse ankalankhula Chichewa kapena Chinyanja pakhomo pawo, pamene olankhula Chingerezi pakhomo sanakwane ngakhale mmodzi mwa 100. Ngati zinali choncho m'dziko lonse, nanga bwanji kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene ngakhale Angoni a kwa Kachindamoto ndi a kwa Gomani moyo wawo wa tsiku ndi tsiku umayenda m'Chichewa? Mafomu akhoza kukhala m'Chingerezi, malipoti opita ku likulu akhoza kukhala m'Chingerezi, koma ntchito ya pa kauntala ndi kumvetsa munthu ndi kumumvetsetsa, ndipo luso lake liyenera kuyezedwa ndi zimenezo.

Ndisamveke ngati ndikufuna Chichewa cha m'mabuku. Pa nkhani za ndalama tonse timawerenga m'Chingerezi chathu chomwe chija, ndipo wogwira ntchito amene angayese kunena K65,000 m'mawu a makolo, kuwerenga zikwi makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu, adzasokoneza mayi wa kachewere kuposa mmene Chingerezi chikanamusokonezera. Akaunti, fomu, risiti, balansi ndi siginecha ndi mawu athu tsopano, ndipo azigwiritsidwa ntchito. Chofunika ndi chakuti msana wa chiganizo ukhale Chichewa, makamaka pa mawu amene amanyamula ngozi: pa mwezi kapena pa chaka, musanafike tsiku lakuti kapena litadutsa, mukachedwa chichitike n'chiyani.

Mfundo yolemera ndi yachitatu, ndipo iyenera kupatsidwa malo ake. Chichewa si chiyankhulo cha Mmalawi aliyense, ndipo mbiri ya mmene chinafikira pamwamba ili ndi zipsera. Mu 1968, pa msonkhano waukulu wa chipani cha MCP, Chinyanja chinapatsidwa dzina la Chichewa n'kulengezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC, osabwereranso mpaka ulamuliro utasintha mu 1994. Pali anthu a kumpoto, makamaka achikulire, amene amasankha Chingerezi mu ofesi osati chifukwa cha matama koma chifukwa chakuti Chichewa anachita kukakamizidwa. Gawo 26 la malamulo oyendetsera dziko limapereka ufulu kwa munthu aliyense wogwiritsa ntchito chiyankhulo chimene wafuna, ndipo gawo 20 limaletsa tsankho lotengera chiyankhulo. Kwa anthu oterewa Chingerezi chimaoneka ngati malo a pakati pamene palibe mtundu umene ukupondereza unzake. Ndikuvomereza kuti mu ofesi ya ku Mzuzu kapena ku Rumphi malangizo anga sangagwire mmene alili, ndipo kumeneko "Monire" ndiye woyenera kutsogola. Koma Chingerezi chimangokhala cha pakati kwa anthu ophunzira okhaokha. Chimafananitsa Mtumbuka wa digiri ndi Mchewa wa digiri, uku chikusiya panja Mtumbuka, Myao ndi Mchewa amene analekezera Sitandade 5. Kuno kwathu, moni wa Chichewa wotsatiridwa ndi khutu lomvetsera umasiya anthu ochepa panja kuposa njira ina iliyonse, ndipo namwino wa ku Karonga amene watumizidwa kudzagwira ntchito ku Dedza akayankha m'Chingerezi, atsatiridwe m'Chingerezi popanda kumuseka kapena kumufunsa kuti wakhala zaka zingati kuno osaphunzira Chichewa.

Nanga ziyankhulo zina? Dedza si boma la Achewa ndi Angoni okha. Kuli Ayao ambiri, monga kwa Tambala, ndipo chipata cha malire chili pafupi kwambiri ndi tauni, kotero kuti abale athu a ku Angonia ku Mozambique amabwera kudzagula ndi kudzagulitsa tsiku lililonse. Pano pali msampha umene anthu a mtima wabwino amagweramo, wolonjera munthu m'chiyankhulo chimene tamuganizira poona maonekedwe ake. Bambo wovala kofia ndi mkanjo akhoza kukhala Myao, koma akhozanso kukhala Msilamu amene Chiyao sachidziwa, kapena Myao wobadwira ku Lilongwe amene anakula ndi Chichewa. Kumulonjera kuti "Ajimwiche uli?" asanatsegule pakamwa ndi kumuuza kuti taona mtundu wake tisanaone vuto limene wabwera nalo, ndipo anthu enanso pa mzere amva. N'chimodzimodzi ndi mlimi wa ku Ulongwe ku Angonia: ambiri a kumeneko Chichewa ndi chiyankhulo chawo cha pakhomo, ndipo kuwalandira ndi "Bom dia" ndi kuwaika pa vuto lomwe lija la mayi wa kachewere, kungoti tsopano m'Chipwitikizi. Chimene chimavuta kwa iwo si moni koma mawu a mu ofesi, chifukwa masiku, manambala ndi mayina a zikalata anawaphunzira m'Chipwitikizi, choncho ndi bwino kuwalembera tsiku ndi ndalama pa pepala m'manambala.

Msampha wina ndi wolonjera m'chiyankhulo chimene sitingathe kupitiriza nacho. Moni ndi lonjezo lakuti nkhani ikhoza kuyenda m'chiyankhulo chimenecho. Wa pa kauntala amene amadziwa mawu atatu okha a Chiyao akawatulutsa poyamba, agogo amasangalala, amamasuka n'kuyamba kufotokoza vuto lawo lonse, ndipo kenaka amayenera kudulidwa pakati. Mawu ochepa amene tikuwadziwa ali ndi malo ake abwino, koma malowo ndi kumapeto. Nkhani ikatha, ndipo kasitomala wadziulula yekha kuti ndi wa chiyankhulo chakuti, "Yewo chomene" kapena "Asante" amamutulutsa mu ofesi akumwetulira, ndipo palibe lonjezo limene laswedwa.

Mzungu, Mmwenye kapena Mtchaina nayenso alonjeredwe m'Chichewa. Azungu a mishoni amene akhala zaka zambiri ku Mua kapena ku Bembeke amachilankhula bwino, Amwenye ambiri anabadwira konkuno, ndipo mlendo weniweni wodutsa popita kukaona zojambula za m'mapanga a Chongoni sakhumudwa ndi "Muli bwanji?" Akaoneka kuti wasowa choyankha, Chingerezi chibwere msanga. Chimene chimawawa anthu a pa mzere ndi kuona nkhope ya wogwira ntchito ikuwala ndi mawu ake akufewa pamene wafika mzungu kapena bwana wa galimoto, atangotha kulandira mlimi ndi mawu amodzi ouma. Pamenepo anthu amazindikira kuti mu ofesi imeneyo ulemu uli m'Chingerezi, ndipo Chichewa ndi cholamulira anthu kuti asunthe.

Izi zikutifikitsa pa vuto limene lili m'kati mwa Chichewa chenichenicho, chifukwa kusankha Chichewa sikutha nkhani. Chichewa chopanda ulemu chimapweteka kuposa Chingerezi chozizira. Pa kauntala palibe "iwe", ngakhale kwa mnyamata wa sekondale amene wabwera kudzalipira fizi, ndipo palibe "Ukufuna chiyani?" Mayina oitanirana nawonso amafuna kusamala. "Bambo" ndi "mayi" ndi otetezeka kwa munthu wamkulu aliyense, "achimwene" ndi "achemwali" amakwanira kwa a msinkhu wofanana ndi wolankhulayo, pamene "agogo" asungidwire okalamba enieni, chifukwa mayi wa zaka makumi asanu amene wadzikonza bwino sakondwa kuitanidwa choncho pagulu. "Asisi", "ankolo" ndi "abigi" ndi a mu minibasi ndi pa msika. "Abwana" ndi "madamu" ndimawakayikira pa chifukwa china: saperekedwa kwa onse, choncho amagawa mzere pawiri. Chiphaso chikangofika m'manja, dzina la munthuyo lilipo, ndipo "Bambo Phiri" kapena "Mayi Banda" amaposa zonsezi.

Udindo waukulu pa zonsezi uli kwa oyang'anira maofesi, chifukwa wa pa kauntala amachita zimene akuganiza kuti bwana akufuna. Bwana anene momveka kuti moni woyamba ndi wa Chichewa, kuti kusintha chiyankhulo kumatsatira kasitomala, ndi kuti palibe amene adzaonedwe ngati wosaphunzira chifukwa chothandiza munthu m'Chichewa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Adziwenso kuti mwa antchito ake ndani amalankhula Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe, Chiswahili kapena Chipwitikizi, kuphatikizapo alonda ndi osesa, ndipo mayina awo akhale pa kapepala pafupi ndi kauntala kuti wofunika aitanidwe mwachangu, m'malo mokuwa pa mzere kufunsa ngati alipo womva chiyankhulocho, zimene zimachititsa kuti nkhani ya ngongole kapena ya matenda ya munthu imvedwe ndi mlendo. Pa kauntala pakhalenso pepala ndi cholembera nthawi zonse chifukwa cha anthu osamva, amene moni wawo ndi wa manja ndi nkhope, ndipo wogwira ntchito aziwayang'ana iwo polankhula, osati wachibale amene wawaperekeza. Pa foni pokha, pamene nkhope sizioneka ndipo oimba ena ali ku likulu kapena kunja kwa dziko, ndi bwino kutchula dzina la ofesi, kupereka moni wa Chichewa, kenaka n'kudikira kamphindi kuti woimbayo ayankhe asanauzidwe china chilichonse.